Mwana Akatentha Thupi Usiku: Zinthu Zitatu Zolemba pa Pepala

Pa chipatala chilichonse cha ana, mafunso oyamba a namwino sasintha. Anayamba liti kutentha? Panado mwamupatsa nthawi yanji? Wayamwa komaliza liti, nanga wakodza? Mayi amene wachezera usiku wonse atanyamula mwana amayankha zimene zatsala m'mutu: "Anangotentha usiku wonse, ndipo amapuma moipa." Akunena zoona, koma namwino sangadziwe ngati mwanayo akutsika kapena akukwera, chifukwa usiku wa maola 12 wapanikizidwa m'chiganizo chimodzi. Tulo ndi mantha zimafufuta nthawi. Pepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, cholembera ndi wotchi ya pafoni zimasunga zimene mutu wotopa umataya.

Pepalali lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuyambira pomwepo. Ndi la mwana amene waonedwa kale kuchipatala masana n'kubwezedwa kunyumba ndi mankhwala, kapena amene wayamba kutentha kutada koma akuyamwa, akuyang'ana anthu, akulira ndi mphamvu, ndipo banja likudikira kuti kuche apite naye kukayezetsa malungo. Si la khanda. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatentha thupi, ngakhale pang'ono, palibe cholemba: amapita kuchipatala usiku womwewo, chifukwa pa msinkhu umenewo matenda a m'magazi amathamanga ndipo saonetsa zizindikiro zambiri. Madokotala ambiri amafikitsa lamuloli pa miyezi itatu. Khanda lotere likazizira, themometa n'kuonetsa pansi pa madigiri 35.5, ngozi yake ndi yomweyo.

Si lanso la mwana amene waonetsa chimodzi mwa zizindikiro zinayi zimene bungwe la WHO ndi la UNICEF anaika patsogolo pa ndondomeko yosamalira ana odwala, yomwe anamwino ndi alangizi a zaumoyo a ku Malawi amaphunzitsidwa. Zizindikirozo ndi kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse chimene chalowa m'kamwa, kukomoka, ndi kulefuka kwakuti mwana sakudzuka bwinobwino ngakhale amugwedeze. Chimodzi chokha n'chokwanira kudzutsa wa kabaza.

Themometa ndiyo imene makolo amaikhulupirira kwambiri, komabe pa zinthu zitatuzi ndiyo imanena zochepa za kukula kwa matenda. Kwa mwana wamng'ono malo abwino oyezera ndi kukhwapa. Kukhwapako kupukutidwe kaye thukuta, nsonga ya themometa ilowe pakatikati penipeni pokhudza khungu osati malaya, ndipo mkono wa mwana ugwiridwe mothinitsa kunthiti mpaka kachipangizoko katalira. Yagalasi ija yakale imafuna kukutumulidwa kaye kuti mzere wake utsike pansi pa 35, kenako ikhale kukhwapa mphindi zisanu. Kukhwapa, madigiri 37.5 kapena kuposa ndiye kutentha thupi. Kuyambira pa 38.5 ndondomeko ija imati n'kutentha kwambiri, ndipo m'pamene panado amaperekedwa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza mabanja. Choyamba ndi themometa yoonetsa nambala ngati 100.4 kapena 102, makolo n'kuganiza kuti yafa kapena kuti mwana akupsa. Imeneyo yangotcheredwa pa muyeso wina, ndipo pambali pa nambalayo pamakhala chilembo F m'malo mwa C. Pa muyeso umenewo 99.5 ndi chimodzimodzi 37.5, ndipo 100.4 ndi 38. Wolemba angolemba nambalayo ndi chilembo chake, akuchipatala adzamva. Chachiwiri ndi mwana amene wangochotsedwa kumsana kumene anakulungidwa zitenje ziwiri ndi bulangete. Ameneyo avulidwe zofunda, akhale kotala ya ola ndi kamalaya kamodzi, kenako ayezedwe.

Nyumba zambiri zilibe themometa, ndipo zimenezo siziletsa kulemba. Kuseri kwa dzanja, poikidwa pachifuwa kapena pamimba pa mwana, kumasiyanitsa "wofunda", "wotentha" ndi "wotentha kwambiri", makamaka ngati dzanjalo ndi la munthu mmodzi usiku wonse. Mapazi ndi manja a mwana amanamiza: kutentha kukamakwera amatha kuzizira pamene mimba ili moto.

Chifukwa chimene nambala ya themometa siyenera kulamulira usiku n'chakuti imakwera ndi kutsika yokha, makamaka pa malungo, ndipo panado amaitsitsa osakhudza matendawo. Mwana wa madigiri 39.5 amene akukoka bere ndi kukankha themometa ndi ukali ali bwino kuposa wa 38 amene wangogona lefu, maso osatsata mayi ake. Choncho pafupi ndi nambala iliyonse payenera kulembedwa nthawi imene panado anaperekedwa. Popanda zimenezo, 37.8 ya 8 koloko ingaoneke ngati kuchira pamene ndi mankhwala chabe. Kulemba kumatetezanso ku ngozi ina yodziwika: mayi apereka panado 6 koloko, iwo n'kugona, bambo n'kuperekanso 8 koloko osadziwa. Panado amaperekedwa pakapita maola 6, osapitirira kanayi pa tsiku, ndipo muyezo wake umatsata kulemera kwa mwana kumene kwalembedwa m'buku la kusikelo: mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse. Wochuluka amawononga chiwindi. Mankhwala ena a chimfine a m'golosale amakhala ndi panado kale m'kati, ndipo asipirini sapatsidwa kwa mwana wotentha thupi.

Za madzi ozizira, agogo ndi anamwino sagwirizana, ndipo pano anamwino ndiwo akulondola. Kuthira mwana madzi a mumtsuko kumamunjenjemeretsa, ndipo kunjenjemera kumawonjezera kutentha m'kati. Kumufunditsa mabulangete kuti "atuluke thukuta" nakonso kumatsekera kutenthako. Chofunda chimodzi chopepuka n'chokwanira. Kansalu konyowetsedwa m'madzi ofunda kangamutonthoze, koma sikachiza kanthu.

Kuwerenga mpweya ndiye luso limene mabanja ochepa anaphunzitsidwapo, chonsecho silifuna kugula chilichonse. Alangizi a zaumoyo amene amayendetsa zipatala za m'midzi amazindikira chibayo ndi njira yomweyi: kawotchi ka mphindi imodzi ndi maso awo. Mwana ayenera kukhala phee, ndipo wogona tulo ndiye wosavuta. Wolira, woyamwa kapena amene wangomaliza kulimbana ndi themometa amapereka nambala yabodza, n'chifukwa chake mpweya umawerengedwa poyamba, kuyeza kutentha pambuyo. Malaya akwezedwe kuti mimba ndi nthiti zioneke, tochi iwalitse cham'mbali osati kumaso. Mimba ikakwera n'kutsika, ndiye kamodzi. Cholakwa chofala ndi kuwerenga kukwera payokha ndi kutsika payokha, nambala n'kubwera yowirikiza.

Mphindi ikhale yathunthu, masekondi 60. Ana aang'ono sapuma mofanana: amathamanga, n'kuima pang'ono, n'kuyambanso, moti wowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi akhoza kuphonya ndi khumi. Ntchitoyi imakoma anthu akakhala awiri, wina maso pa wotchi, wina pa mimba ya mwana, chifukwa woyang'ana uku ndi uku amataya chiwerengero pakati.

Malire ake ndi atatu, ndipo ndi oyenera kulembedwa pamwamba pa pepala kusanade. Khanda losakwana miyezi iwiri likupuma mofulumira likafika 60 pa mphindi. Kuyambira miyezi iwiri mpaka kutsala pang'ono kukwana chaka, malire ndi 50. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ndi 40. Nambala ikafika pamalire kapena kupitirira, iwerengedwenso mwana ali chete. Kutentha thupi pakokha kumafulumizitsa mpweya pang'ono, motero chiwerengero chodalirika kwambiri ndi cha pamene papita ola limodzi kuchokera pa panado, thupi litatsikako. Ngati thupi lazizirako koma mpweya sunatsike, vuto si kutentha.

Maso ali pomwepo, pali china choyang'ana. Mwana wabwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse ndi mimba zimatukuka. Mwana amene mapapo ake alimba ndi chibayo, m'munsi mwa nthiti mumalowa m'kati pa nthawi yokoka mpweyayo, ndipo zimachitika pa mpweya uliwonse, osati polira pokha. Kulowa kwa nthiti kotere, mphuno zotukuka pokoka mpweya, kubuula potulutsa, kaphokoso kokhakhala pokoka, mutu wogwedezeka motsata mpweya, kapena milomo ndi lilime zosintha mtundu n'kuderako, zonsezi sizidikira m'mawa. Palinso kupuma kozama, kokoka patali ngati munthu wakwera phiri, kopanda chifuwa. Pa mwana wa malungo kumeneko ndi chizindikiro cha malungo aakulu, ngakhale chiwerengero chisanafike pamalire.

Chinthu chachitatu ndi kumwa, ndipo pano mawu akuti "akumwa pang'ono" sathandiza aliyense. Chofunika ndi muyezo. Kapu imodzi isankhidwe kukhala ya mwanayo usiku wonse, ndipo kukula kwake kudziwike: botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi limalowa mamililita 300, choncho kulithira m'kapumo kumaonetsa pamene 300 akufika. Sipuni ya tiyi ndi pafupifupi mamililita 5. Kwa woyamwa, palembedwe nthawi ndi mmene wayamwira, kaya wakoka mwamphamvu mabere onse, kaya wangogwira n'kusiya. Mwana wa makilogalamu 10 amafuna madzi okwana pafupifupi lita imodzi pa tsiku, kuphatikizapo mkaka wa m'mawere ndi phala lamadzimadzi, ndipo akatentha amataya ochuluka kudzera m'thukuta ndi mpweya. Wosakwana miyezi 6 apatsidwe bere lokha, pafupipafupi, kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku.

Zolowa zilembedwe, zotulukanso zilembedwe. Thewera ndi mboni yosanama. Mwana amene wakhala maola 6 mpaka 8 osakodza, kapena amene mkodzo wake wachepa n'kukhala wachikasu chodera, akuuma. Milomo youma, kulira kopanda misozi, maso olowa, ndi khungu la pamimba limene likatsinidwa limabwerera mochedwa, zimatsimikiza. Liwombo lolowa pa khanda ndi chizindikiro cha kutha madzi komweko, ndipo zomata pamutu siziliwukitsa. Limadzuka madzi akabwerera m'thupi. Ngati mwana akutsekulanso m'mimba, paketi ya Thanzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wosakwana zaka ziwiri amamwa mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wamkulupo 100 mpaka 200. Akasanza, kudikira mphindi 10 n'kuyambanso ndi sipuni, pang'onopang'ono. Kusanza kamodzi si "kusanza chilichonse". Koma ngati pepala likuonetsa kuti bere, madzi ndi mankhwala zonse zabwerera katatu kotsatizana, chizindikiro choopsa chija chakwana. Mwana wolefuka amene sakumeza asathiridwe madzi m'kamwa, chifukwa amalowa m'mapapo.

Kuti zioneke mmene zitatuzi zimalankhulirana, tiyerekeze banja la kumudzi lomwe lili ndi mwana wamkazi wa chaka ndi miyezi 6, wolemera makilogalamu 10. Masana anapita naye kwa mlangizi wa zaumoyo, anamubaya chala, malungo anapezeka, ndipo anamwa piritsi loyamba la LA 2 koloko. LA ndi mankhwala amene dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansida. Pa kulemera kumeneku mwana amamwa piritsi limodzi pa nthawi, lachiwiri pakapita maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo mpaka masiku atatu akwane. Bambo ajambula mizere pa pepala: nthawi, kutentha, mpweya, zakumwa, mkodzo, mankhwala, ndi danga lomaliza la mmene mwana akuonekera. Pamwamba alemba 40.

Pa 6 koloko madzulo mpweya ndi 38, themometa ikuti 38.9, mwana akunyinyirika koma wayamwa mabere onse ndipo thewera lanyowa. Amwa panado wamadzi mamililita 5, wa botolo lolembedwa mamiligalamu 120 pa mamililita 5 aliwonse, muyezo umene ukugwa pakati pa 100 ndi 150 oyenera kulemera kwake. Pa 8 koloko kutentha kwatsika kufika 37.8, mpweya 34, ndipo wadya masipuni angapo a phala. Pa 10 koloko amudzutsa kuti amwe LA wachiwiri, wadzuka mokwiya, wamwa, wayamwa pambuyo pake, zomwe zimathandiza chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pamodzi ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta. Mpaka pano pepala likunena nkhani yabwino, ndipo mmodzi mwa makolowo akhoza kugona, winayo n'kudikira.

Pa 12 koloko usiku kutentha kwabwerera, 39.2, ndipo mpweya ndi 44. Nambalayi yadutsa malire, koma thupi lili moto, nthiti sizikulowa, ndipo mwana wayamwako bere limodzi. Maola 6 akwana, choncho amwanso panado, ndipo makolo agwirizana kuti awerengenso 1 koloko m'malo modikira maola awiri. Pa 1 koloko themometa ikuti 38.1. Agogo, atagwira pachipumi, akuti, "Wazizira uyu, kagoneni ana inu." Koma mpweya ndi 47, ndipo powerenganso patapita mphindi zisanu ndi 48. Mayi ayesa kumuyamwitsa, mwana wangogwira bere n'kusiya kuti apume. Danga la mkodzo lili mbee kuyambira 6 koloko, maola 7.

Munthu woyang'ana themometa yokha akanagona mosangalala pa ola limenelo. Pepala likuonetsa mizere itatu yopita kosiyana: kutentha kukutsika chifukwa cha panado, mpweya ukukwera 34, 44, 48, ndipo kumwa kukuchepa. Mwana akhoza kukhala ndi malungo ndi chibayo nthawi imodzi, ndipo LA sachiza chibayo. Akhozanso kukhala kuti malungowo akukula, kapena magazi akuchepa, zomwe zimaoneka m'zikhatho zoyera. Banja silifunika kudziwa kuti mwa zimenezi ndi chiti. Malangizo amene amaperekedwa potuluka kuchipatala ndi akuti mwana abwerere nthawi yomweyo akayamba kupuma mofulumira kapena movutikira, akalephera kuyamwa, kapena akamaipiraipira, ndipo mwana uyu wafika pamenepo. Mayi akuti, "Bambo ake a mwana, kadzutseni wa njinga yamoto uja, sitidikira kuche." Nambala ya wa njingayo, ndalama ya ulendo, buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mwana wamwa zinakonzedwa kale madzulo, chifukwa 1 koloko usiku si nthawi yoyamba kugogoda m'makomo kufuna ngongole.

Usiku womwewo ukanatha kupita kwina. Pa 1 koloko mpweya ukanatsika kufika 35, mwana n'kuyamwa mwamphamvu, thewera n'kunyowa cha m'ma 2 koloko, banjalo likanapitiriza kuyang'ana pakapita maola awiri kapena atatu mpaka m'mawa. Kutentha kubwerera pa tsiku loyamba ndi lachiwiri la LA si chachilendo. Kukapitirira masiku atatu, mwana aonedwenso ngakhale akuoneka bwino.

Funso limene makolo amafunsa kawirikawiri ndi lakuti mwana wogona adzutsidwe kapena ayi. Mpweya umawerengeka ali m'tulo, ndipo themometa imalowa kukhwapa osamusokoneza kwambiri. Komabe kamodzi kapena kawiri usiku ayenera kugwedezedwa mokwanira kuti aonetse kuti akudzuka: atsegule maso, azindikire mayi ake, alire kapena akankhe dzanja. Tulo ta mwana wotopa ndi kulefuka kwa malungo a muubongo zimafanana munthu akamayang'ana chapatali. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, anakonza mu 1989 muyeso wa kukomoka kwa ana a malungo umene umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo umayang'ana zinthu zomwe mayi angaone pamphasa: ngati maso a mwana akutsata nkhope, ngati akulira moyenera, ndiponso ngati akuchotsa dzanja kapena kukankha chimene chikumupweteka. Mwana amene sakuchita zimenezi, kapena amene khosi lake lauma moti chibwano sichifika pachifuwa, ndi wonyamula nthawi yomweyo.

Mwana akakomoka n'kuyamba kugwedezeka, agonekedwe cham'mbali pamalo opanda choti chimupweteke, m'kamwa musalowe sipuni, chala, madzi kapena mankhwala, ndipo wina ayang'ane wotchi. Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumachitika kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu ndipo nthawi zambiri kumatha kokha pasanathe mphindi zisanu, koma m'dera la malungo palibe amene angasiyanitse kunyumba kukomoka kotere ndi malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ulendo umayamba pomwepo, kugwedezekako kwatha kapena ayi. Kumene chipatala chili kutali, alangizi ena a zaumoyo amasunga mankhwala a malungo oika kumatako, amene amagwira mwana panjira. Amenewo ndi oyambira chabe, ndipo mwana amapitirirabe kuchipatala chachikulu. Pofika, pepala liperekedwe kwa namwino woyamba kukumana naye, osadikira pamzere, ndipo mawu oyamba akhale a chizindikiro chachikulu: wakomoka mphindi zitatu, kapena akupuma 48 ndipo sanakodze kuyambira 6 koloko.